Masheya akakula msinkhu, apatulireni

Chaka chino ndaona vuto limodzi kwa alimi ndi ogwira ntchito amene anagula masheya pa Malawi Stock Exchange. Sheya ikakwera mtengo akumangoiyang'ana ndi kuombera m'manja, ndalama ina ikapezeka akuithiranso pomwepo. Zogawa ndalama pakati pa masheya ndi malo ena, zomwe anagwirizana nazo poyamba, aziiwala.

Tiwerengere limodzi. Munali ndi K1,000,000 ndipo munati magawo 60 pa 100 akhale m'masheya, 40 mubwereke boma kudzera m'ma Treasury bill. Tinene kuti patatha chaka, masheya a K600,000 aja afika K1,200,000, pomwe K400,000 ija yabereka n'kufika K500,000. Zonse pamodzi ndi K1,700,000. Mwapindula, inde, koma masheya tsopano atenga magawo pafupifupi 71 pa 100. Simunasankhe zimenezo, msika wakusankhirani. Mtengo ukagwa ndi theka, K600,000 yapita, ndipo mitengo ikamatsika pamsika wathuwu ogula amasowa. Mutha kuuza bulokala, amene amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya, kuti agulitse, masiku n'kumapita popanda wobwera.

Chimene chimanditopetsa ndi yankho lakuti "ikukwerabe, ndigulitsirenji?" Anthu omwewa amapatulira chimanga chobiriwira bwino osadandaula. Bambo wina wa ku Kasungu, mlimi wa fodya, ndinamuuza mu Julayi kuti achotseko pang'ono pa masheya a banki imodzi yomwe inali itameza pafupifupi chuma chake chonse. Anandiseka. "Alangizi, inu dziwani za manyowa, izi tisiyireni." Mvula itayandikira, ndalama ya feteleza panalibe, masheya sanagulike msanga, ndipo anakatenga katapila. Chiwongoladzanja cha katapilayo chinadya gawo la phindu lomwe ankalinyadira.

Chochita n'chachidule. Sankhani tsiku limodzi pachaka, makamaka mukagulitsa mbewu, ndipo musalisunthe chifukwa cha mphekesera. Werengani mtengo wa zonse pa tsikulo. M'chitsanzo chathu magawo 60 a K1,700,000 ndi K1,020,000, choncho mugulitse masheya a K180,000 n'kugula ma Treasury bill, afike K680,000. Yambani ndi kampani imene yakula kuposa zinzake. Ngati muli ndi ndalama yatsopano, kapena kampani zakupatsani gawo la phindu, ikani kumbali yoperewera: K300,000 yowonjezera ku ma Treasury bill ikubwezerani pa 60 ndi 40 osagulitsa sheya ngakhale imodzi, ndipo simulipira komishoni yogulitsira. Chaka chimene masheya agwa mumachita mosemphanitsa, mumagula masheyawo, ngakhale mtima ukukana. Kusiyana kukakhala kochepa, monga 62 m'malo mwa 60, zisiyeni, komishoni ingakudyereni chabe. Za msonkho funsani bulokala wanu musanasaine fomu yogulitsira.