Momwe mungawerengere sensa ya LM35 pa Arduino Uno osanamizidwa ndi manambala

Tiyerekeze kuti mukupanga makina oswera mazira a nkhuku, amene kutentha kwake kumafunika kukhala pa madigiri 37.5. Mufunika bodi ya Arduino Uno, sensa ya LM35, mawaya atatu ndi mita yoyezera magetsi.

Gwirani sensayo mbali yake yafulati itayang'ana kwa inu, miyendo ili pansi. Mwendo wakumanzere upite pa 5V, wapakati pa A0, wakumanja pa GND. Mukaitembenuza imatentha mpaka kuotcha chala, ndiye zulani waya msanga. Sensayi imatulutsa 10 mV pa digiri iliyonse, choncho madigiri 37.5 ndi 375 mV.

Bodi siona voliteji mwachindunji. M'kati mwa chipi muli ADC, kachipangizo kamene kamayerekeza voliteji ya pa A0 ndi voliteji ina ya muyezo, kenako n'kupereka nambala. ADC ya Uno ndi ya mabiti 10, kutanthauza masitepe 1024, kuyambira 0 mpaka 1023. Mukapanda kusintha kanthu, muyezowo ndi 5 V, ndipo sitepe imodzi ndi 5000 ÷ 1024 = 4.88 mV, pafupifupi theka la digiri. Pa 375 mV muwerenga 76. Nambala yotsatira, 77, ndi theka la digiri kutsogolo, ndipo chapakati pake simungachione.

Vuto lalikulu ndi lakuti 5 V ameneyu sakhala 5 weniweni nthawi zonse. Tchaja ya foni yokhala ndi waya wowonda ikhoza kufikitsa 4.7 V yokha pa bodi. Muyezo ukafupika nambala imakwera: 375 mV yomwe ija ipereka 81, pulogalamu n'kunena kuti ndi madigiri 39.6. Makina azimitsa hita mazira asanafunde mokwanira, inu n'kumaloza chala sensa yosalakwa. Chizindikiro chake n'chakuti kutentha kumadumpha mukasintha tchaja kapena fani ikangoyaka.

Mankhwala ake ndi muyezo wa 1.1 V wa m'kati mwa chipi, umene sutsatira tchaja. Sitepe imatsikira pa 1.07 mV, 375 mV imapereka 349, ndipo malire amakhala madigiri 110, okwanira ntchitoyi. Koma chipi chilichonse chili ndi 1.1 wakewake, pakati pa 1.0 ndi 1.2. Wanu akakhala 1.07 inu mutalemba 1.1, mulakwa ndi digiri yathunthu. Pulogalamu ikamayenda, yezani ndi mita pakati pa pini ya AREF ya pa bodi ndi GND, ndipo nambala imene mwapezayo muilembe pa `VREF` m'pulogalamu ili m'munsiyi. Pa AREF musalumikizepo magetsi ena muyezo wa m'kati uli pa ntchito, mungaononge chipi.

```cpp
const float VREF = 1.07;
void setup() {
  Serial.begin(9600);
  analogReference(INTERNAL);
  analogRead(A0); delay(50);
}
void loop() {
  long s = 0;
  for (int i = 0; i < 20; i++) {
    s += analogRead(A0);
    delayMicroseconds(900);
  }
  Serial.println(s / 20.0 * VREF / 1024 * 100);
  delay(1000);
}
```

Kuwerenga koyamba mu `setup()` n'kotaya, chifukwa muyezo ukangosinthidwa umafuna kamphindi kuti ukhazikike.

Tsopano za nthawi. Wotchi ya ADC pa Uno imagunda ka 125,000 pa sekondi, ndipo kuwerenga kumodzi kumadya kugunda 13, komwe ndi 104 µs. Koyambirira kwa nthawi imeneyi kakapasita ka 14 pF ka m'kati kamatunga voliteji ya pa pini, kenako kamatsekedwa kuti kayezedwe. Zili ngati kutunga madzi m'kapu pa mpopi kwa kamphindi: mpopi ukakhala wodontheza, kapu imachoka isanadzaze. N'chifukwa chake opanga chipi amati gwero lisapitirire 10 kΩ. LM35 ilibe vutoli, koma mukaonjezera sensa ina pa A1 yodutsa m'marezisita a 100 kΩ, nambala yake imapendekera ku ya A0, popeza mapini onse amabwerekana kapu imodzi yomweyo. Werengani A1 kawiri n'kutaya koyambako, kapena ikani kapasita ya 100 nF pakati pa A1 ndi GND.

Kapasita yotereyi musaiike mwachindunji pa mwendo wapakati wa LM35, chifukwa sensayi imayamba kunjenjemera ikasenzetsedwa zoposa 50 pF. Waya wautali amachitanso chimodzimodzi. Ngati sensa ili patali ndi bodi, yambani mwaika rezisita ya 2 kΩ pa mwendowo, pafupi ndi sensa.

Ka 20 kamene kali m'pulogalamu sikongolota. Waya wa sensa amatola phokoso la magetsi a m'nyumba a 50 Hz, makamaka akadutsa pafupi ndi waya wa hita, ndipo funde limodzi limatha 20 ms. Kuwerenga ka 20 motalikirana pafupifupi 1 ms kumaphimba funde lonselo, kukwera ndi kutsika kwake n'kufafanizana.

Pomaliza ikani sensa pambali pa choyezera kutentha chimene mumachikhulupirira, pa msinkhu wa mazira, kwa mphindi khumi. LM35 payokha imatha kuphonya ndi theka la digiri ngakhale masitepe atachepa bwanji, ndiye kusiyana kumene mupezeko mukuonjezere kapena kukuchotsa pa mzere wa `Serial.println`.