Momwe mungapemphere uthenga m'Chitumbuka cha dera limodzi, osati cha m'mabuku

Ambiri mwa ife amene timalankhula Chichewa koma tikugwira ntchito ku Mzuzu timafika poti tikufuna uthenga wa pawailesi, wa pachimkuzamawu kapena wa pa WhatsApp m'Chitumbuka. Tikangouza womasulira kuti "mutimasulireko m'Chitumbuka", nthawi zambiri amatipatsa Chitumbuka cha m'mabuku, chomwe n'cholondola ndithu, koma chikamveka pamsika anthu amachimva ngati ulaliki kapena nkhani za pawailesi, osati mawu a mnzawo.

Zimenezi zili ndi chifukwa chake. Chitumbuka cholembedwa chinakula kwambiri kudzera m'sukulu ndi m'mabuku a mishoni ya Livingstonia. Mu 1968 boma linachichotsa m'sukulu ndi pawailesi ya MBC, ndipo chinabwereranso pawailesiyo mu 1994. M'zaka zonsezo anthu ankachiwerenga makamaka m'Baibulo ndi m'mabuku a nyimbo za kutchalitchi, n'chifukwa chake munthu akagwira cholembera dzanja lake limathamangira kalembedwe kameneko, ngakhale kuti kunyumba kwake salankhula choncho. Udindo wanu ndi kumuchotsa panjira imeneyo, ndipo pempho lanu liyenera kukhala lachindunji.

Tiyerekeze kuti gulu lanu likufuna uthenga wa mphindi imodzi woitana alimi a ku Bolero, m'boma la Rumphi, kuti abweretse nkhuku zawo ku katemera wa chitopa.

Choyamba, tchulani malo ndi anthu, osati chilankhulo chokha. Chitumbuka si chimodzi: kuli kalankhulidwe ka Aphoka a kumapiri a Rumphi, ka kuchigwa cha Henga, ka ku Nkhamanga komwe kuli Bolero, ka ku Mzimba komwe kuli mawu ndi miyambo yochokera kwa Angoni, komanso ka mumzinda wa Mzuzu komwe kamasakaniza Chichewa ndi Chingerezi. Mayina a kalankhulidwewa si aliyense amawadziwa kapena kugwirizana nawo, koma mukati "monga amalankhulira amayi ogulitsa pamsika wa Bolero", womasulira aliyense wodziwa derali amva mawuwo m'khutu mwake. Onetsetsaninso kuti dera lomwe mukufunalo n'la Chitumbukadi, chifukwa Chitonga cha ku Nkhata Bay, Chinkhonde cha ku Karonga ndi Chilambya cha ku Chitipa ndi zilankhulo pazokha, ndipo eni ake sasangalala mukazitenga ngati nthambi za Chitumbuka.

Chachiwiri, sankhani munthu poyang'ana komwe anakulira. Mufunseni mwaulemu kuti kwawo n'kuti, anakula kuti, ndipo amapitako kawirikawiri bwanji. Munthu wobadwira ku Chibavi kapena ku Zolozolo, ngakhale makolo ake ali a ku Rumphi, nthawi zambiri amalankhula Chitumbuka cha m'tauni. Satifiketi ya zomasulira ndi yofunika pantchito zina, koma pantchito iyi mlangizi wa ziweto kapena mphunzitsi wa komweko angathe kuposa katswiri amene anachokako kalekale.

Chachitatu, lembani pempholo kuti pasadzakhale kukangana ntchito itatha. Likhoza kumveka motere:

"Bambo, tikupempha kuti mutikonzere uthenga wa mphindi imodzi m'Chitumbuka cholankhulidwa ku Bolero, osati cha m'mabuku kapena cha nkhani za pawailesi. Omvera ndi alimi a nkhuku, ambiri mwa iwo amayi achikulire. Wolankhula amveke ngati mlangizi wa komweko amene akulankhula ndi makolo ake mwaulemu. Mawu obwereka amene anthu akumeneko amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku muwasiye momwe alili. Tsiku, malo, mtengo ndi kaperekedwe ka katemera zisasinthe."

Chiganizo chonena za wolankhula ndi womvera n'chofunika kwambiri, pakuti kalankhulidwe ka dera kali ndi ulemu wake. Uthenga wopita kwa akuluakulu uyenera kuwatchula monga adada ndi amama, ndipo ukatchula mfumu uyenera kutsata mwambo wa komweko: ku Rumphi mfumu yaikulu ndi Themba la Mathemba Chikulamayembe, pamene ku Mzimba ndi Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Kusokoneza maudindo amenewa kumaulula pompopompo kuti uthengawo wakonzedwa ndi alendo.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene ntchito imakoma kapena kuwonongeka, musam'patse womasulirayo ndime yolembedwa kale kuti aimasulire mzere ndi mzere. Akatero adzanyamula kaumbidwe ka ziganizo za Chichewa kapena Chingerezi n'kungoziveka mawu a Chitumbuka. M'malo mwake mupatseni mfundo zokha papepala: kuti chitopa chimapha nkhuku zambiri pamasiku ochepa, kuti katemera ndi dontho limodzi m'diso, kuti amaperekedwa kwa nkhuku zosadwala chifukwa sachiritsa zomwe zadwala kale, komanso tsiku ndi malo. Kenako atembenuze pepalalo, ayang'ane munthu wina amene wakhala patsogolo pake, n'kumufotokozera nkhaniyo pakamwa inu mukujambula mawu pafoni. Jambulani kangapo, musankhe kumene kwamveka momasuka, ndipo kulemba kubwere pambuyo, potsata zomwe zajambulidwazo. Uzani wolembayo kuti asakonze chilichonse, chifukwa pa sitepe imeneyi m'pamene kalembedwe ka m'mabuku kamalowanso mwakachetechete. Mwachitsanzo, pokana Chitumbuka chili ndi yayi, chara ndi cha, ndipo wolemba wozolowera Baibulo angathe kuika chara paliponse ngakhale wolankhulayo ananena china.

Dzina la matenda nalonso lifunseni kwa eni dera. Ena amati chitopa, ena amati chideru, ndipo ngati onse awiri amamveka kumeneko palibe cholakwika kuwatchula limodzi koyambirira kwa uthenga.

Chachisanu, uyeseni uthengawo kwa anthu a komweko amene sanakhale nawo pokonza. Simuyenera kupita kutali, chifukwa padepoti ya mabasi ya Mzuzu ndi pamsika waukulu mumapezeka anthu a ku Rumphi tsiku lililonse. Pemphani chilolezo, aimbireni uthengawo kamodzi, ndipo musafunse kuti "wamveka bwino?", pakuti mwaulemu wathu aliyense adzavomera. Afunseni kuti akuuzeni zomwe amva, kuti wolankhulayo akuganiza kuti kwawo n'kuti, ndiponso kuti ndi mawu ati amene iwo sanganene. Akayankha kuti "ameneyu ndi wa m'tauni" kapena "akumveka ngati akuwerenga", bwererani kukajambulanso. Akasokoneza tsiku kapena kuganiza kuti katemerayo ndi mankhwala a nkhuku zodwala, vuto si kalankhulidwe koma mfundo, ndipo limeneli ndi lalikulu kuposa linalo.

Samalani ndi kukokomeza. Owulutsa mawu ena akamva kuti mukufuna "cha kumudzi" amayamba kukoka mawu ngati ali m'sewero, ndipo omvera amaona kuti akunyozedwa. Mukamva anthu akuseka kalankhulidwe m'malo momvera nkhani, uthengawo musauulutse.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Ngati uthenga udzamveka pawailesi yofika maboma angapo, monga Voice of Livingstonia kapena Radio Tigabane, mawu odziwika ku Bolero kokha angasiye ena kunja, choncho pemphani mitundu iwiri: wina wa Chitumbuka chomveka paliponse wa pawailesi, wina wa dera wa pachimkuzamawu ndi pa WhatsApp. Zikalata zosainira, mapangano ndi malangizo osindikizidwa a mankhwala zikhale m'kalembedwe kokhazikika. Pokambirana za malipiro, muuzeni womasulirayo poyamba pomwe kuti padzakhala kujambula, kulemba ndi kukonzanso pambuyo poyesa, kuti mtengo umene mugwirizane uphatikize ntchito zonse zitatuzi.