Momwe mungachitire chifuwa chikathina ndi kulira usiku mutapuma utsi wophikira

Munthu waphika madzulo pa nkhuni zosauma bwino, watsokomola pang'ono, wakagona. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha akudzidzimuka chifuwa chitathina, mpweya ukulira ngati mluzu makamaka akamautulutsa. Nthawi zambiri imeneyi ndi mphumu. Timachubu ta mpweya ta m'mapapo timakhala titatupa m'kati, minofu yozungulira timachubuto yafinyika, ndipo makhololo achuluka, motero mpweya umadutsa mopanikizika n'kumalira. Utsi umaputa timachubuti, koma vuto limakula usiku chifukwa kwa munthu aliyense timachepa kwambiri m'bandakucha, pamene mahomoni oletsa kutupa amakhala atatsika m'thupi komanso mpweya uli wozizira.

Choyamba mukhazikeni tsonga, atawerama pang'ono kutsogolo, mikono itatsamira pamaondo. Musamugoneke. Ngati m'nyumba mudakali utsi kapena muli mbaula, tsegulani chitseko ndi mawindo, kapena mutulutseni panja mutamufunditsa. Kenako mufunseni funso lofuna yankho lalitali. Akatha kuyankha chiganizo chonse osapumira, muli ndi mpata wothandiza kunyumba. Akamatulutsa mawu amodziamodzi, perekani mankhwala uku mukukonza zopita kuchipatala.

Mankhwala otsegula chifuwa msanga ndi salubutamo wopopera m'kamwa, amene kawirikawiri amakhala m'kabotolo ka buluu, ndipo kupopa kamodzi kumatulutsa mamaikulogalamu 100. Anthu ambiri amene amati mankhwalawa sawathandiza amakhala akupopera pa lilime ndi kukhosi basi. Munthu wobanika sangathe kukoka mpweya pa nthawi yeniyeni imene akudina, n'chifukwa chake pamafunika chipangizo chosunga mankhwalawo pakati pa chopopera ndi pakamwa. Ngati mulibe chakuchipatala, botolo la pulasitiki la mamililita 500 limagwira bwino ntchitoyi. Boolani pansi pake bowo lofanana ndi kukamwa kwa chopopera, lothina moti chilowe popanda mpata m'mbali, ndipo wodwala azipumira kukamwa kwa botololo. Litsukeni ndi sopo wotsukira mbale n'kulisiya liume lokha. Mukalipukuta ndi nsalu, mankhwala amamatirira m'mbali mwake. Botololi likonzeni masana, lizikhala pamodzi ndi mankhwala pafupi ndi pogona.

Kaperekedwe kake ndi aka. Chotsani chivindikiro, khutchumulani chopopera, chilowetseni m'bowo chitaimirira, kabotolo kachitsulo kali m'mwamba. Wodwala amange milomo pakamwa pa botolo. Dinani kamodzi kokha, iye apume bwinobwino kanayi mpaka kasanu n'kamodzi m'botolomo. Chotsani, khutchumulaninso, dinaninso kamodzi. Kudina kanayi motsatizana kumataya mankhwala, chifukwa ambiri amakhalira m'botolo asanakokedwe. Wamkulu ndi mwana wa zaka 6 kupita m'tsogolo amapatsidwa maulendo 4 mpaka 10 motere. Mwana wocheperapo amayamba ndi 2, ndipo angafike 6 ngati zavuta. Wamng'ono amene sangamange milomo pabotolo amafunika chipangizo chovindikira mphuno ndi pakamwa.

Mankhwalawa amayamba kugwira pakangotha mphindi 5. Tinene kuti munthu uja wapatsidwa maulendo 4 nthawi ya 3:10. Pofika 3:30 akulankhula bwino, kulira kwachepa, koma manja akunjenjemera ndipo mtima ukugunda mofulumira. Kunjenjemerako ndi kwa mankhwala, kumatha kokha, ndipo si chifukwa chowasiyira. Akadapanda kupeza bwino, akanabwereza pa 3:30 ndi pa 3:50, pakutha pa mphindi 20 zilizonse kwa ola limodzi, ali kale panjira yakuchipatala. Ngakhale atapeza bwino, chifuwa chikathinanso maola 4 asanathe, ndiye kuti kutupa kwakula ndipo salubutamo yekha sakwanira. Kuchipatala amawonjezera mapiritsi oletsa kutupa a puledinisoloni a masiku ochepa.

Pali zizindikiro zosafuna kudikira kuti kuche: kulephera kulankhula kapena kuyamwa, kupuma koposa maulendo 30 pa mphindi kwa wamkulu, khungu kulowa m'kati pakati pa nthiti ndi pakhosi pokoka mpweya, lilime ndi m'kati mwa milomo kuda kapena kutuwa, kusinza ndi kusokonezeka mutu. Chonyenga kwambiri ndi kulira kukasiya koma munthu akuvutikabe. Abale amaganiza kuti zapepuka, chikhalirecho mpweya wachepa moti sukutha n'komwe kulira. Ameneyo athamangitsidwe kuchipatala akupatsidwabe mankhwala.

Mankhwala akumwa a chifuwa satsegula timachubu, ndipo maantibayotiki sachiza mphumu. Kufukiza ndi madzi otentha sikuthandiza, kumangowotcha ana. Asipulini ndi aibupulofeni amabanikitsa anthu ena a mphumu, ndiye amene anabanikapo atamwa asawabwerezenso. Mankhwala ena a mtima ndi a kuthamanga kwa magazi, monga pulopulanololo, nawo amafinya timachubu. Auzeni adokotala kuti muli ndi mphumu asanakulembereni.

Si kulira konse kumene kuli mphumu. Munthu wachikulire wotupa mapazi, amene amabanika akagona chagada n'kupeza bwino akakhala tsonga, akapimidwe mtima. Chifuwa cha milungu iwiri, thukuta la usiku ndi kuonda zimafuna kuyeza makhololo ngati muli chifuwa chachikulu cha TB. Amene waphika mu utsi zaka zambiri ndipo amachita befu tsiku lililonse mwina timachubu take tinawonongeka kotheratu. Mwana wotentha thupi wopuma maulendo 50 kapena kuposa pa mphindi ali ndi miyezi 2 mpaka 11, kapena 40 ali ndi chaka chimodzi mpaka zaka 5, aganiziridwe chibayo. Ndipo ngati anthu angapo m'nyumba imodzi adzuka mutu ukuwawa, chizungulire ndi nseru pamene munali makala oyaka, umenewo ndi mpweya wapoizoni wa makala, wosaoneka ndi wosanunkha. Chopopera sichithandiza. Atulutseni onse panja n'kupita nawo kuchipatala.

Kudzutsidwa ndi chifuwa usiku, kapena kufuna salubutamo koposa kawiri pa mlungu, kukusonyeza kuti mphumuyo sinagonje. Salubutamo amamasula minofu yokha kwa maola ochepa, kutupa kumatsala. Oletsa kutupa ndi ena opopera, monga bekilometazoni, amene amagwiritsidwa ntchito tsiku lililonse ngakhale munthu ali bwino, ndipo phindu lake limaoneka pakatha masiku kapena milungu ingapo. Ambiri amawasiya msanga poti samva kusintha nthawi yomweyo. Mukatha kupopa chukuchani m'kamwa n'kulavula kuti musachite zilonda zoyera. Kabotolo ka salubutamo kawirikawiri kamakhala ka maulendo 200. Kumaliza timabotolo titatu pa chaka ndi chenjezo lakuti mukaonane ndi adokotala.

Kukhitchini, wodwalayo asakhale woyatsa moto kapena wouzira, chifukwa utsi umachuluka poyatsa. Nkhuni zikhale zouma ndi zowazidwa tizidutswa, ndipo musayatsire mapulasitiki. Makala ayatsidwe panja mpaka atafiira, ndipo asalowe m'chipinda chogona. Pophikira m'nyumba, zenera limodzi silikwanira: pakhale potulukira utsi m'mwamba ndi polowera mpweya mbali ina. Zovala zophikira zimasunga utsi, choncho zisinthidwe musanagone, ndipo khomo la kuchipinda chogona lizikhala lotseka moto ukamayaka.