Mahedifoni anga asiya kuduladula nyimbo ndikamayenda

Mahedifoni anga opanda waya ankaimba bwinobwino m'nyumba, koma ndikangotuluka kupita kokwerera basi, nyimbo zinkaduka pafupipafupi, makamaka ndikacheuka. Batire linali lodzaza, ndiye ndinayamba kufufuza kwina.

Vuto lalikulu linali thupi langa lomwe. Bulutufi, yomwe imalumikiza foni ndi mahedifoni popanda waya, imayendera mafunde a wailesi a 2.4 GHz, ndipo mafunde amenewa amamezedwa kwambiri ndi madzi, pomwe thupi la munthu ndi madzi ambiri. Foni ndinkaiika m'thumba lakumbuyo kwa thalauza kumanzere, koma kachipangizo kolandira mafunde pa mahedifoni angawa kali kukhutu lakumanja. Mafundewo ankafunika kudutsa thupi lonse. M'nyumba izi sizinkaoneka chifukwa mafunde amagunda makoma n'kubwerera kukhutu, pomwe panja poyera palibe chowabweza. Mamita 10 amene amalembedwa pabokosi ndi a pamene pakati palibe chotchinga.

Kuti nditsimikize, ndinayenda njira yomweyo foni ili m'dzanja lamanja, ndipo nyimbo sizinadukenso. Tsopano ndimaiika m'thumba la malaya kapena lakutsogolo kumanja.

Panatsala kuduka pang'ono pamalo amodzi okha, pamsika pomwe pali mashopu ndi mafoni ambiri. Kumeneko vuto silinali mtunda ayi, koma kuchulukana kwa mafunde, popeza Wi-Fi yambiri imagwiritsanso 2.4 GHz yomweyo. Kuduka kukamachitika pamalo omwewo nthawi zonse, ganizirani zimenezi. Ndinazimitsa hotisipoti ya foni yanga ndi kulumula wotchi yomwe inalinso pa bulutufi, ndipo pamsika paja kuduka kunachepa kwambiri, ngakhale sikunatheretu.