Mapu a kosi yonse pa pepala limodzi

"Ndikufuna kulumikiza machaputala onse a ikonomikisi pa pepala limodzi, ndiyambire pati?"

Tengani pepala ndi pensulo, muligoneke chopingasa. Pakati lembani mutu womwe umangobwerabwera semesita yonse, apa ndi mtengo wa katundu. Machaputala alembeni mozungulira, mawu awiri atatu basi, manotsi asiyeni mu kope.

Kenako tsekani buku, mutenge machaputala awiriawiri ndikudzifunsa, ichi chikasintha chinacho chimatani? Jambulani muvi, pamuvipo mulembe chomwe chikuchitikacho. Mwachitsanzo ndalama ya dziko ikatsika mphamvu, feteleza wochokera kunja amadula, alimi amathira wochepa, zokolola zimachepa ndiye chimanga chimakwera pamsika, apo mwamanga kale chaputala cha malonda akunja, cha ulimi ndi cha kukwera kwa mitengo ndi mivi yochepa chabe. Muvi womwe mukulephera kuulembera mawu fufutani, mwangoganizira.

Chaputala chikatsala chokhachokha popanda muvi, nthawi zambiri ndiye kuti simunachimvetse, katsegulenso buku pamenepo. Mivi ikayamba kupiringizana, koperani papepala latsopano, machaputala a mivi yambiri muwayandikize pakati.