Kachotupa m'chithokomiro: nthawi zina singano imafunika

Ambiri akauzidwa kuti sikani ya ultrasound, younika mkati mwa thupi, yaona kachotupa m'chithokomiro, chiwalo cha kutsogolo kwa khosi, maganizo amathamangira ku khansa. Komatu zotupa zambiri za pakhosi pano si khansa, ndipo si kukula kokha kumene dokotala amayang'ana.

Mukalandira zotsatira za sikani, funsani mmene kachotupako kakuonekera. Kodzaza madzi okhaokha, kapena kokhala ndi timabowo tambirimbiri ngati siponji, kawirikawiri sikadetsa nkhawa. Kokayikitsa ndi kamnofu wokhawokha, kooneka kakuda kuposa chithokomiro chenichenicho, kam'mbali mosasalala, kokhala ndi timadontho toyera ta kashiamu mkati, kapena kotalika choimirira kuposa m'lifupi mwake. Mwanabele wa m'khosi akaonekanso zachilendo, nkhani yakula.

Tiyerekeze amayi awiri. Wina ali ndi chotupa cha masentimita 3 chamadzi okhaokha. Angouzidwa kuti palibe choopsa, pokhapokha chikamamuvutitsa pomeza. Mnzake kake n'kakang'ono, masentimita 1.2 basi, koma kakuda, kamnofu, ndi timadontho toyera tija. Wachiwiriyu ndiye amene angamuuze zobaya singano, chifukwa chotupa chokayikitsa kwambiri amachiyeza chikafika sentimita imodzi.

Sikani imangoonetsa maonekedwe, siinganene motsimikiza kuti ndi khansa. Choncho amalowetsa kasingano kowonda kwambiri, uku akuonera pa sikani, n'kukoka timaselo tokaunika ku labotale. Zimatenga mphindi zochepa. Nthawi zina maselo amatuluka osakwanira ndipo amabwereza. Musadabwe, sizitanthauza kuti apeza choipa. Ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, nenani asanakubayeni.