Mashini tidagulitsa, koma ndalama siyinali yathu yonse

Ine ndinkalakwitsa penapake powerengera pulojekiti yathu ya zaka 5. Mashini tidagula pa 100,000 ndipo ndinkayerekeza kuti pamapeto tidzagulitsa pa 30,000 potengera mitengo ya mashini akale ofanana nawo pamsika, basi ine nkungoilemba 30,000 yonseyo ngati ndalama yolowa chaka chomaliza. Akauntanti wathu atayang'ana anangofunsa kuti nanga msonkho uli kuti?

Nkhani yake ndi iyi. Chaka chilichonse tinkachotsa 16,000 ya kutha kwa mashini, zaka 5 ndi 80,000, ndiye m'mabuku mtengo wotsala ndi 20,000. Ukagulitsa pa 30,000 wapitirira ndi 10,000 ndipo a msonkho amaiona ngati phindu poti udachotsa kale zambiri kuposa mmene mashiniwo adathera. Tiyerekeze msonkho ndi 30 peresenti, ndiye 3,000 yapita, yotsala m'manja ndi 27,000. Msonkhotu ukugwera pa 10,000 yokhayo osati pa 30,000 yonse, apa mpomwe ndidatsala pang'ono kulakwitsanso kachiwiri.

Ndidayesanso mtengo wotsika wa 12,000. Pamenepo taluza 8,000, msonkho utsika ndi 2,400, zonse pamodzi 14,400, koma zimatheka pokhapo kampani ili ndi phindu lina loti luzayo ichotsedwepo.